Thanki ya konkire ya m'mwamba ikamadontha, poyambira ndi mkati

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha anandiitana pa malo ena ogona alendo cha ku Katoto kuno ku Mzuzu kuti ndikaone thanki yawo. Ndi thanki ya konkire yokhala pa mapilala 4, mamita 6 kuchokera pansi, mkati mwake mamita 3 uku, mamita 3 uku, kutalika mamita 2.5, madzi amafika pa mamita 2.2, ndiye kuti pafupifupi malita 20,000. Nditafika ndinapeza pansi pake pali matope ngakhale mvula inali itasiya kalekale, pilala imodzi yachita ndere yobiriwira kuyambira kumwamba mpaka pansi, ndipo kunsi kwa silabu kunali timizere toyera touma ngati munthu wathirapo laimu. Eni ake, bambo achikulire ndithu, anati "achimwene, thanki iyi tamata katatu, nthawi zonse imangokhala mwezi umodzi kenako yayambiranso." Nditafunsa kuti mumamata kuti, anandilozera kunja. Zoonadi kunja konse kunali zigamba za pulasitala, pena apaka phula lakuda, ndalama zambiri zinapita pamenepo.

Nkhani yake ndi imeneyi ndipo ndimaibwereza paliponse: madzi amakankha kuchokera mkati. Mita imodzi iliyonse ya madzi imakankha ndi mphamvu yofanana ndi tani imodzi pa sikweya mita, ndiye pansi pa thanki ija, pa mamita 2.2, khoma likulandira matani 2.2 pa sikweya mita usana ndi usiku. Mukamata kunja, madzi aja akukankha chigamba chanu kuti chichoke, ndipo chikakana kuchoka iwo amangoyenda m'kati mwa khoma motsatira zitsulo n'kukatulukira pena. Mukamata mkati, madzi omwewo ndi amene amapanikiza chomatira chanu kuti chigwire. Komanso dziwani kuti pamene mukuona madzi akutuluka kunja si pamene alowera, atha kulowa pakona iyi n'kukatulukira mita yathunthu kumbali.

Musanagule chilichonse, yambani mwatsimikiza kuti ikudonthadi

Izi zimaoneka ngati kutaya nthawi koma ayi. Kuno ku Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumachita nkhungu ndi mame ambiri, khoma la thanki limanyowa m'mawa lonse kenako dzuwa likatuluka lauma, kumeneko si kudontha. Pena ndi bolo valuvu, yomwe imatseka madzi yokha thanki ikadzadza, yafa, thanki ikudzadza mpaka madzi akutulukira pa ovafulo, paipi yotayira madzi osefukira, usiku anthu ali mtulo n'kumatsetsereka pakhoma. Pena ndi paipi yomwe ili kunja kwenikweni, pa soketi kapena pa valuvu, madzi akutsata paipiyo n'kumanyowetsa pilala. Zimenezi pulambala amakonza ola limodzi, sizifuna kugumula kanthu.

Ndiye chimene timachita, timadzadza thanki, timatseka valuvu yolowetsa ndi yotulutsa, timalemba chizindikiro pakhoma mkati ndi pensulo ya kalipentala pamene madzi alekezera, n'kuisiya usiku wonse. Pambali timaika ndowa ya madzi yolembedwanso chizindikiro, kuti tidziwe madzi amene angouluka okha ndi mpweya, ngakhale mu thanki yovindikira amakhala ochepa kwambiri. Onetsetsani kuti valuvu yotulutsa ikutsekadi, mavaluvu okalamba ambiri amadutsitsa madzi pang'onopang'ono ndiye mudzanamizira thanki. Ife tinamasula paipi kutsogolo kwa valuvu n'kuona kuti palibe dontho.

Masamu ake ndi osavuta. Pansi pa thanki ija ndi masikweya mita 9, ndiye madzi akatsika milimita imodzi ndiye kuti malita 9 apita. M'mawa titakwera tinapeza atsika mamilimita 30 pa maola 12, amenewo ndi malita 270 usiku umodzi wokha, pa tsiku ndi madiramu pafupifupi atatu. Bambo aja atamva anangogwira pakamwa, chifukwa madzi amenewo amalipira bilu.

Kenako pali njira imene imandithandiza kwambiri, kutsitsa madzi pang'onopang'ono n'kumayeza usiku uliwonse, madziwo amakuuzani okha pamene pali bowo. Usiku wachiwiri tinatsitsa kufika pa mamita 1.6, anatsika mamilimita 22. Usiku wachitatu tinafika pa mamita 1.1, anatsika mamilimita 9 okha. Mwaona kudumpha kumeneko, kuchoka pa 22 kufika pa 9? Ndiye kuti pakati pa 1.6 ndi 1.1 pali malo aakulu otayira madzi amene tsopano atsala pamwamba pa madzi. Usiku wachinayi pa mamita 0.4 anatsikabe mamilimita 5, kusonyeza kuti palinso pena pansi penipeni, kaya pakona ya khoma ndi silabu, kaya pa paipi. Masiku 4 amenewo alendo ankagwiritsa ntchito madzi a pa mpopi wa bodi mwachindunji, ndipo madzi otsitsawo sitinataye, anapita kochapira.

Titakhuthula yonse n'kulowa ndi tochi ndi hamala, zinapezeka momwemo. Mkati munali pulasitala, ndikamagogoda malo ena imalira mwakuthwa, malo ena imamveka ngati ng'oma, kutanthauza kuti yasiyana ndi konkire ndipo kumbuyo kwake kumadutsa madzi. Titaisema, pa mamita 1.2 panaoneka mzere wozungulira thanki yonse, wowongoka bwinobwino. Amene amamanga adziwa kale chifukwa chake: bolodi ya shatala, matabwa ogwira konkire pothira, imakhala mamita 1.2 m'lifupi, ndiye anathira konkire kufika pamenepo, anaweruka, n'kudzapitiriza tsiku lina. Mu mzere umenewo ndinatokosa ndi msomali munatuluka utuchi wa matabwa ndi kachidutswa ka pepala la thumba la simenti, zinagwera mu shatala ndipo palibe anazichotsa. Pansi napo, pakona pamene khoma lakumana ndi silabu, miyala ya kwale inali pamtunda yopanda simenti pakati, mabowomabowo ngati zisa za njuchi, chala chimalowa.

Chifukwa chake malo olumikiza ndi amene amavuta

Konkire yabwino payokha madzi sadutsamo mwachisawawa, khoma la mamilimita 200 lothiridwa bwino limasunga madzi popanda pulasitala n'komwe. Vuto limakhala pamene konkire yatsopano yakumana ndi yakale. Konkire ikathiridwa, pamwamba pake pamayandama madzi ndi fumbi la simenti, zikauma zimapanga kachikopa kosalala kofooka, mukakanda ndi msomali kamanyenyeka ngati choko. Mukathira konkire ina pamwamba pa kachikopa kameneko, ziwirizo zangogundana koma sizinagwirane, ndipo madzi amayenda pakati pake. Onjezani utuchi, fumbi, matope a ku nsapato, basi msewu wa madzi watseguka.

Pakona yapansi pamakhala povuta kawiri. Ndi pamene madzi amakankha kwambiri, ndi pamenenso khoma limafuna kupindikira kunja thanki ikadzadza, ndiye jointi ya mkati imakokedwa kuti itseguke. Komanso pothira, konkire imaponyedwa kuchokera pamwamba pa shatala, imagunda zitsulo potsika, miyala imafika pansi yokha, ndipo ngati shatala sinatseke bwino kunsi madzi a simenti amathawira pampata n'kusiya miyala yokhayokha. Popanda vaibureta, makina onjenjemeretsa konkire kuti itsenderezeke, kumangogogoda matabwa ndi hamala, zisa zija sizilephera.

Thanki ya m'mwamba ili ndi mavuto akenso amene ya pansi pa nthaka ilibe. Dzuwa limaomba mbali imodzi, mbali ina ili pamthunzi, mkati muli madzi ozizira, usiku wa Juni kuno kumazizira koopsa kenako Okutobala kwatentha, konkire imafutukuka ndi kukhwinyata tsiku ndi tsiku. Imadzadza matani 20, imaphwa, imadzadzanso, silabu yapansi imapindika pang'ono n'kubwerera. Mphepo nayo ikukankha. Malo ofooka aliwonse amatseguka ndi kutsekeka mpaka pulasitala youma gwa ija ithetheka. N'chifukwa chake zigamba za simenti ndi mchenga wamba zimangokhala mwezi umodzi.

Malo ena awiri amene anthu amaiwala ndi mawaya omangira shatala ndi mapaipi. Amisiri ambiri amamanga bolodi ya mkati ndi ya kunja ndi waya wodutsa khoma lonse, akachotsa shatala amangodula waya uja n'kupaka pulasitala. Wayayo amachita dzimbiri n'kusanduka kanjira, kunja mumaona kadontho kofiira kali ndi mzere wotsika. Mu thanki ija tinawerenga mawaya 26. Paipi nayo, makamaka ya pulasitiki, konkire siigwira chifukwa ndi yoterera, ndipo ngati anachita kuboola khoma litauma n'kulowetsa paipi n'kumata ndi matope a simenti, pamenepo padzadontha basi, kungoyembekeza tsiku.

Mng'alu wake ndi wamtundu wanji

Apa pofunika kudekha, chifukwa mankhwala a mng'alu wakufa ndi osiyana ndi a mng'alu woyenda. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi, tosapitirira mamilimita 0.2, nthawi zambiri timadzitseka tokha madzi akamadutsamo pang'onopang'ono, laimu wa mu simenti amauma momwemo, timizere toyera touma tija nthawi zina ndi umboni woti panadontha kale koma panatsekeka. Gwirani ndi dzanja masana, ngati ndi pouma musiyeni. Koma ngati mzere woyera uli wonyowa ndipo ukukulirakulira, madzi akutsuka simenti m'khoma, ndipo ukasanduka wofiirira ndiye kuti afika pa zitsulo.

Kuti mudziwe ngati mng'alu ukuyenda, matani kachigamba kopyapyala ka simenti yokhayokha kodutsa pa mng'aluwo kunja thanki ili yopanda madzi, lembani deti pambali, kakauma dzadzani thanki. Kakang'ambika ndiye kuti mng'aluwo umatseguka ndi kulemera kwa madzi, ndipo chomatira cholimba sichingathandize, pamafunika chofewa chotha kutamuka.

Ndipo pali zina zimene mukaziona musayambe n'komwe zomata, tsitsani madzi lero lomwe muitane injiniya wa zomangamanga. Mng'alu wopendekera pa pilala kapena pa bimu, konkire yomatuka kunsi kwa silabu mpaka zitsulo zadzimbiri zikuoneka, thanki yoti mukaika chingwe cha pulamu ikuoneka kuti yapendama, kapena nthaka yadikha pa phazi la pilala imodzi. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma kangapo kuposa mmene chinalili n'kuphulitsa konkire, ndipo chokha chimaonda. Madzi odontha zaka zambiri amafewetsanso dothi lathu lofiirali pa fandeshoni, pilala imodzi n'kuyamba kumira. Musaiwale kuti chigawo chino chimagwedezeka, a ku Karonga akukumbuka zivomerezi za Disembala 2009, ndiye matani 20 ali m'mwamba pa mapilala odwala, pansi pakudutsa ana, si zoyesera. Ya ku Katoto ija mwamwayi mapilala anali bwino, injiniya anabwera anayang'ana n'kutilola kupitiriza.

Mmene tinakonzera

Choyamba ndi chitetezo chifukwa mu thanki ndi mobanika. Chivindikiro chikhale chotsegula nthawi yonse, munthu mmodzi azikhala pamwamba osachoka, jenereta isayandikire pakamwa pa thanki, utsi wake umapha mwakachetechete, ndipo tinaika fani yoponya mpweya mkati. Nyale zinali za batire, osati waya wa magetsi pamadzi.

Tinachotsa pulasitala yonse ya mkati, osati yokhayo yomveka ngati ng'oma, chifukwa chimene timafuna kupaka chimagwira pa konkire yeniyeni. Ntchito imeneyi inatenga anyamata 3 masiku 4 ndi tchizulo ndi hamala, ndipo ndi pamene eni ake amayamba kudandaula kuti mukuchedwa, koma kukonza thanki nthawi yambiri imathera pa kusema ndi kutsuka, kupaka kwenikweni ndi kwa masiku awiri.

Kenako tinadula kangalande motsatira jointi ya pa mamita 1.2 kuzungulira konse, mamita 12, ndi inanso pakona yapansi mamita 12. Kukula kwake mamilimita 25, kuya kwake mamilimita 25. Apa mvetsetsani: kangalandeko kakhale ka makona, mbali zake zoima chilili, kapena kotambalala pang'ono mkati kuposa pakamwa. Ambiri amasema kosongoka mkati kotambalala kunja chifukwa n'kosavuta ndi tchizulo, koma m'mphepete mwake matope amakhala opyapyala, amauma msanga n'kuyamba kusupuka. Ife tinadula mizere iwiri ndi galainda n'kugoba pakati. Samalani kuya, musadule zitsulo.

Pa zisa za njuchi paja palibe muyezo, mumasema mpaka mufike pa konkire yolimba yolira bwino ndi hamala. Pakona ina tinalowa mamilimita 70 n'kupeza chitsulo cha Y12, cha mamilimita 12, chadzimbiri, tinasema mpaka kuseri kwake kuti chala chizidutsa, n'kuchikwecha ndi bulashi ya waya mpaka chiwale. Mukasiya dzimbiri kuseri n'kumata kutsogolo kokha, lidzapitiriza kudya. Mawaya 26 aja, aliyense tinamugobera kabowo n'kumudula mamilimita 30 mkati mwa khoma.

Tikatero timatsuka ndi madzi ambiri mpaka fumbi lonse lichoke, n'kunyowetsa konkire kuyambira dzulo lake. Pomata ikhale yonyowa koma yosanyezimira madzi, mukagwira dzanja lisatuluke lonyowa. Konkire youma imayamwa madzi a matope anu asanagwire, yodikha madzi imawasungunula, zonse ziwiri n'zolakwika.

Pomata tinayamba ndi phala la simenti losakaniza ndi mankhwala oyera ngati mkaka aja olembedwa SBR pa chigubu, amapezeka m'mahadiweya, amathandiza kuti chatsopano chigwire chakale ndiponso chisang'ambike msanga. Phalalo mumalikwechera mu kangalande ndi bulashi yolimba, ndipo lisanaume, likadali lonata, mumalowetsa matope: simenti muyezo umodzi, mchenga miyezo 3, madzi osakaniza ndi mankhwala omwewo monga chigubu chanenera. Phala likauma musanamate ndiye kuti mwapanganso kachikopa koterera kaja, ndiye pakani mita imodzi, matani, pitani ina. Matopewo akhale olimba oti mukafumbata m'manja akuumbika osatuluka madzi, ndipo muziwasindikiza ndi kathabwa ndi hamala, osati kungopaka ndi chipande. Malo akuya timadzadza kawiri kapena katatu, osati kamodzi.

Za mchenga ndinenepo pang'ono chifukwa kuno zimatipweteka. Mchenga wa kudambo umabwera ndi dothi lambiri. Thirani m'botolo mchenga ndi madzi, khutchumulani, siyani maola angapo, muona dothi lakhala pamwamba pa mchenga. Likakhala lochindikala, mchengawo utsukidwe kapena musinthe. Wa ntchito iyi ndi wochepa, mawilibala owerengeka, tinachita kutsuka mu diramu n'kusefa.

Pakona yapansi, titatseka kangalande, tinaumba kamtsetse kozungulira, mamilimita 50 kukwera khoma, mamilimita 50 kulowa pa silabu, n'kukasalaza ndi botolo la galasi kuti kakhale kokhota bwino. Chimodzimodzi makona 4 oimirira. Ntchito yake n'kuti chopaka chija chisakumane ndi kona yakuthwa, pakona yakuthwa chimapyapyala n'kung'ambika.

Pa mapaipi awiri, wotulutsa ndi wotsukira thanki, tinagoba kangalande kozungulira, mamilimita 15, apa pokha tinaumitsa bwino n'kuthira chomatira chofewa cha poliyuretheni, chifukwa paipi imagwedezeka wina akamatsegula valuvu pansi ndipo imafutukuka mosiyana ndi konkire. Silikoni wa m'bafa ayi, samakhalitsa pansi pa madzi pa konkire. Ndipo chilichonse cholowa mu thanki ya madzi akumwa werengani pa chitini ngati alemba kuti n'chololedwa pa madzi akumwa. Phula wamba la padenga musaike mkati, limanunkhitsa madzi ndipo silinapangidwire zimenezo.

Patatha masiku 3 tinapaka chotchinga madzi chenicheni, cha simenti chobwera pawiri, ufa m'thumba ndi madzi ake m'chigubu, mtundu wotamuka pang'ono ukauma. Pa thanki ya m'mwamba ndimakonda umenewu kusiyana ndi wouma gwa, chifukwa cha kuyenda ndanena kuja. Malo onse mkati anali masikweya mita 39, pansi 9 ndi makoma 30, ndipo tinagwiritsa ntchito pafupifupi makilo 150 pa makoti awiri, koti iliyonse ngati milimita imodzi. Yoyamba timapaka chopingasa ndi bulashi, ikadali yaiwisi timagoneka kansalu ka ukonde pa majointi onse ndi m'makona, mawa lake yachiwiri timapaka choimirira kuti itseke timabowo totsala. Musawonjezere madzi kuti ichuluke kapena kuti bulashi iziyenda mofewa, mnyamata wina anafuna kutero masana atatopa ndipo ndinamuletsa, ndowa imodzi yosungunula ndi yokwana kuononga khoma lonse. Sakanizani zochepa zoti zithe mu theka la ola.

Mwina mufunsa za simenti ija youma pa mphindi 2 kapena 3, yomwe umaumba m'manja n'kutsindira pa bowo madzi akutuluka. Ndi yabwino pa ngozi, kuti madzi aime kaye pamene simungathe kukhuthula thanki sabata imeneyo, koma kunja si mankhwala okhalitsa. Palinso njira yobaya mankhwala mu mng'alu ndi pampu, kuboola timabowo topendekera n'kupopera utomoni wofufuma ukakumana ndi madzi, imeneyo imagwira ngakhale thanki ili yodzadza koma imafuna zida ndi munthu woizolowera, ndipo mtengo wake ndi wina.

Kuyesa

Tinadikira masiku 7 tisanathire madzi, monga thumba linanenera, mkati mukhale mwachinyezi koma mpweya uziyenda. Podzadza osathamanga, malamulo akale a ku Britain a BS 8007 amene mainjiniya ambiri kuno anaphunzira ankati madzi asakwere kuposa mamita 2 pa maola 24, ife tinachita theka tsiku loyamba, theka lachiwiri. Kenako mumaisiya yodzadza masiku osachepera 7 kuti konkire imwe madzi ake, mukayeza tsiku loyamba mudzaona atsika n'kuganiza kuti ntchito yalephereka pomwe ndi khoma chabe likuyamwa. Mukatero mumadzadzanso pa chizindikiro n'kuyeza tsiku lililonse kwa masiku 7 ena. Kutsika kololedwa ndi kuya kwa madzi kugawa ndi 500, kapena mamilimita 10, mutenge chochepacho. Kwa ife 2,200 kugawa ndi 500 ndi mamilimita 4.4 pa sabata yonse. Anatsika mamilimita 3, kuchoka pa 30 usiku umodzi.

Madzi oyesera aja si akumwa. Tinawatulutsa, tinatsuka makoma, n'kudzadzanso ndi kolorini wa ufa pafupifupi makilo 1.5 pa malita 20,000, womusungunula kaye mu ndowa, maola 24, kenako kukhuthula kutali ndi dimba ndi mtsinje chifukwa ndi waukali, n'kutsukuluza tisanalumikize ku nyumba.

Kwa amene mukumanga yatsopano

Zonsezi zimapeweka ndi ndalama zochepa kuposa zokonzera. Pothira silabu yapansi, thirani limodzi ndi kakhoma kakafupi ka mamilimita 100 mpaka 150, timati kika, tsiku lomwelo konkire yomweyo, kuti jointi isakhale pakona penipeni koma pamwamba pang'ono pomwe mungathe kuitsuka ndi kumangirapo shatala bwino. Pakati pa kika muimike wotasitopu, lamba wa pulasitiki wotchinga madzi pa jointi, wa mamilimita 150 kapena 200, theka lilowe mu kika theka lidzalowe m'khoma, mumumange ndi waya ku zitsulo kuti asagone konkire ikamagwa, ndipo polumikiza awotcheredwe, osangosanjikiza. Wotasitopu wogona ndi chimodzimodzi palibe. Palinso kalamba kena kofufuma kakanyowa, kosavuta kuika, koma mvula ya kuno ikakanyowetsa musanathire kafufumiratu, ndiye kaikeni tsiku lothira, pakati pa khoma osati m'mphepete.

Mawa lake konkire ikadali yanthete, kwechani pamwamba pa kika ndi bulashi ya waya mpaka mitu ya miyala ioneke, n'kosavuta tsiku limenelo, pakatha sabata mudzafuna tchizulo. Musanatseke shatala siyani kawindo pansi kotulutsira utuchi. Khoma la mamita 2.5 lithiridwe tsiku limodzi osalekeza, mozungulira, mamilimita 300 mpaka 400 ulendo uliwonse, vaibureta izilowa pang'ono mu gawo lapansi kuti ziwirizo zisakanikirane. Anthu, simenti, kwale, madzi, mafuta a mikisa, zonse zikhale pamalo musanayambe, chifukwa kukweza konkire mamita 6 ndi ndowa n'kochedwa ndipo mukaima ola lathunthu kudikira simenti mwapanga kale jointi ina yosafuna.

Simenti isachepere matumba 6 ndi theka pa kiyubiki mita, kusakaniza kwa 1:1.5:3, madzi asapitirire malita 25 pa thumba la makilo 50, ndipo mchenga ukakhala wonyowa chepetsani. Konkire yamadzimadzi imasangalatsa othira koma madzi owonjezerawo akauma amasiya tinjira. Zitsulo zitalikirane ndi shatala mamilimita 40, muike timabuloko ta simenti, osati miyala kapena zidutswa za njerwa. Mapaipi alowe musanathire, achitsulo awotcheredwe kolala yozungulira yokhala pakati pa khoma. Mukachotsa shatala, masaka onyowa masiku osachepera 7, ine ndimakonda 14, ndipo pansi mkati muzikhala madzi.

Ya ku Katoto ija ndinapitakonso mu Novembala mvula isanayambe. Ndere ija inali itauma n'kuyamba kugwa yokha pa pilala, pansi pamene panali matope anadzalapo kapinga. Kunsi kwa silabu pakona ina panatsala kamalo konyowa ngati chikhatho kwa masabata awiri oyamba, bambo aja anandiimbira ali ndi nkhawa, ndinawauza kuti azungulize ndi choko aziona ngati kakukula, anali madzi akale otsalira m'khoma, kanachepa mpaka kutha. Zigamba zakunja zija tinazisema n'kusiya khoma lipume miyezi iwiri tisanapake penti. Ndinawapemphanso kuti bolo valuvu aisinthe, ndipo thanki asamaisiye yopanda madzi nthawi yotentha, ngakhale pampu itafa pazitsala madzi okwana chikhatho pansi.